Ndinafupikitsa malinki awiri, ina ikugwira ntchito koma inayo yafa

*Ndimayang'anira webusayiti ya kopaletivi yathu ya alimi a mtedza ndi soya kuno kwa Kamwendo, ku Mchinji. Ili pa WordPress. Mnzanga anandiuza kuti malinki athu ndi aatali kwambiri ndipo Google siyiwakonda, ndiye Lolemba lapitali ndinafupikitsa awiri. Linki ya nkhani ya kasungidwe ka soya ikutsegukabe ngakhale munthu atadina yakale. Koma ya tsamba la mitengo ya mbewu, imene inali `/mitengo-yatsopano-ya-mbewu-ya-mtedza-ya-cg-9-kwa-kamwendo-chaka-cha-2023/` ndipo ndinaisintha kukhala `/mtedza-2025/`, yakale ikungoonetsa 404. Imeneyi ndiyo tinatumiza m'magulu a WhatsApp, ilinso mu khodi ya QR pa mapepala amene tinagawa. Ndalakwitsa pati? Nanga malinki enawo ndiwafupikitsenso?*

*Mayi wa kwa Kamwendo*

Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo chifukwa ndi limene lingakupwetekeni mukachita phuma: enawo asiyeni kaye momwe alili. Musakhudzenso linki ina iliyonse mpaka titadzutsa yafayi.

Chimene chasiyanitsa malinki anu awiriwa si dzanja lanu ayi. Munachita zofanana pa onse awiri, koma WordPress ndiyo imawasamala mosiyana. Nkhani ya soya ija munailemba pansi pa `Posts`, pamene tsamba la mitengo lili pansi pa `Pages`. Mukasintha silagi ya nkhani imene inatuluka kale (silagi ndi kamchira ka linki kaja, mawu obwera pambuyo pa dzina la webusayiti), WordPress imasunga yakaleyo mwakachetechete pamalo otchedwa `_wp_old_slug`. Munthu akabwera ndi linki yakale, imayang'ana pamenepo n'kumuperekeza ku yatsopano. Koma izi imachitira nkhani zokha. Masamba a pansi pa `Pages`, amene amatha kukhala ndi masamba ena pansi pawo, siyiwasungira dzina lakale. Mukangosunga zosinthazo, dzina lakale lija latha basi, ndipo wobwera nalo amalandiridwa ndi 404. Anthu ambiri amapusitsika ndi zomwezi. Amayesa pa nkhani imodzi, n'kuona kuti zayenda, ndiye amaganiza kuti paliponse zikhala choncho.

Chabwino n'chakuti linki yakufa imadzuka. Koma tisanaidzutse tiyenera kudziwa kumene izikalozera, ndipo apa ndikukhumudwitsani pang'ono: `/mtedza-2025/` ndi yaifupi ndithu, koma ili ndi matenda omwe aja anali ndi yakale. Muli chaka. Mvula ikadzagwa ya chaka china mudzaiona ngati yachikale, dzanja lidzayabwa, mudzaisinthanso, ndipo mudzabwereranso kuno ndi funso lomweli. Popeza pangopita masiku ochepa chiisinthireni, ino ndiyo nthawi yotsika mtengo yoikonzera komaliza.

Tiyeni tiisende linki yakale ija ngati mtedza, tione chotsala. Ili ndi zidutswa 14 ndi zilembo 72. Mukawonjezerapo dzina la webusayiti, yadya kale kupitirira theka la meseji ya pafoni, imene imalola zilembo 160. Pa chidutswa chilichonse funsani funso limodzi lokha: kodi ichi chidzakhala choona zaka zitatu zikubwerazi? `yatsopano` ayi, mitengo imakalamba msanga kuposa chinthu china chilichonse m'dziko muno. `chaka-cha-2023` ayi. `cg-9` ayi, chifukwa chaka china mudzagulitsanso CG 11 kapena Chalimbana pa tsamba lomwelo. `kwa-kamwendo` ndi zoona lero, koma mukadzatsegula depoti kwa Mkanda kapena kwa Kapiri, tsambalo lidzakhala likunama. Dzina la malo liikeni m'mutu wa tsamba ndi m'mawu a m'kati, mmene mungalisinthe popanda kuphwanya kanthu. Limayenera kulowa mu silagi pokhapokha tsambalo likunena za malowo, monga tsamba la depoti imodzi. Chotsala ndi chimene sichisintha, chomwenso mlimi angalembe pa Google kapena kunena pakamwa akafika pa kauntala yanu:

```
/mbewu-ya-mtedza/
```

Zilembo 15 zokha. Mukhoza kuitchula pa msonkhano wa kalabu munthu n'kuilemba osakufunsani kachiwiri, ndipo amenewa ndiwo mayeso amene ine ndimawakhulupirira kuposa pulagini iliyonse yoyeza malinki.

Mwina mukudabwa kuti ndatayiranji mawu akuti `mitengo`. Ndawataya pazifukwa ziwiri. Choyamba, tsambalo silinena mitengo yokha, limanenanso mitundu ya mbewu ndi kukula kwa mapaketi. Chachiwiri n'cha chilankhulo chathu. Polemba, mitengo ya malonda ndi mitengo ya m'nkhalango sizisiyana. Silagi ngati `/mitengo-ya-mango/` munthu sangadziwe ngati mukugulitsa mbande kapena mukunena za msika. Mukafuna kuti mawuwa akhalepo, mawu oyandikana nawo azimasula okha, monga `/mitengo-ya-fetereza/`, pamene palibe angasokonezeke.

Mudzamvanso malangizo akuti muzichotsa timawu ting'onoting'ono tolumikiza kuti silagi ifupike. Malangizo amenewa anabadwira m'Chingerezi, mmene timawu totere tambiri tingachoke tanthauzo osasuntha. M'Chichewa `ya`, `wa`, `za` ndi `cha` ndi mitsiko imene yagwira khoma. `/mbewu-mtedza/` ikumveka ngati mndandanda wa katundu, si mmene munthu amalankhulira kapena kufufuzira. Zilembo zitatu zimene mwapulumutsazo sizikugulirani kanthu. Chotsani mawu okometsera, monga `yabwino`, `yotsika-mtengo`, `yathu`, koma olumikizawo asiyeni. Ndipo mawu ofufuzira azikhalamo kamodzi. Ndaonapo malinki a mtundu wa `/mbewu-ya-mtedza-gulani-mtedza-mbewu-mchinji/`. Sapindula kanthu kwa Google, ndipo kwa munthu amaoneka ngati aja otumizidwa ndi akuba a pafoni.

Pali zilembo zathu ziwiri zofunika kuzisamala. Choyamba ndi ŵ. Linki siyinyamula chilembo chimenechi momwe chilili. Ikakoperedwa chimasanduka `%C5%B5`, kotero dzina la dziko lathu lolembedwa ndi ŵ limatuluka ngati `mala%C5%B5i`. WordPress imachisandutsa yokha kukhala `w` wamba, koma si mapulogalamu onse amene amatero, choncho mukamalemba silagi pamanja lembani `w`. Mpata pakati pa mawu nawonso umasanduka `%20`, n'chifukwa chake timalumikiza mawu ndi kamzere kapakati `-`. Google imalangiza kamzere kameneka osati kapansi `_`. Zilembo zonse zikhale zazing'ono, chifukwa kwa Google `/Mtedza/` ndi `/mtedza/` ndi malo awiri osiyana.

Chachiwiri ndi kankhodolero kam'mwamba kaja ka mu ng'ombe ndi m'munda. WordPress imangokachotsa, n'kutsala `ngombe` ndi `mmunda`. Nthawi zambiri palibe vuto, anthu ambiri pafoni amalemba chomwecho. Koma inu a ku Mchinji mukudziwa kuti ng'oma yoimba ndi ngoma yovina Angoni si chinthu chimodzi, pamene mu silagi zonse ziwiri zimatuluka `ngoma`. Zikatere onjezani liwu lomasula, monga `/gule-wa-ngoma/`. Za fetereza ndi feteleza, sankhani kalembedwe kamodzi kamene mumagwiritsa ntchito m'masamba anu onse, mukakamire komweko. Musaike onse awiri mu silagi imodzi.

Nanga Chichewa kapena Chingerezi? Silagi itsatire chilankhulo cha tsambalo. Ngati tsamba la mbewu lili m'Chichewa chifukwa owerenga ake ndi alimi, silagi ikhale ya Chichewa. Mukadzalemba lina la Chingerezi la ogula a ku Lilongwe kapena a ku Chipata, limenelo lidzakhale ndi yakeyake, monga `/groundnut-seed/`.

Tsopano tiidzutse yafayo. Chofunika ndi cholozera cha 301. Seva ikalandira pempho la tsamba imayankha ndi nambala: 200 ndiye kuti tsamba ili pano, 404 ndiye kuti kuno kulibe, 301 ndiye kuti linasamukiratu ndipo keyala yake yatsopano ndi iyi. Foni ya munthu ikamva 301 imapita yokha kwatsopanoko mwiniwake osaona kanthu. Google ikamva 301 imatenga mbiri imene keyala yakale inapeza, kuphatikizapo malinki a mawebusayiti ena olozera kumeneko, n'kuisamutsira ku yatsopano. Palinso 302, imene imati tsamba langochokapo kwakanthawi. Imeneyo si yanu pa nkhani iyi, chifukwa imauza Google kuti keyala yakale ndiyo yeniyeni.

Dongosolo lake ndi ili. Yambani ndi kutsegula tsamba la mbewu, musinthe silagi kuchoka pa `mtedza-2025` kukhala `mbewu-ya-mtedza`, musunge, ndipo mutsegule keyala yatsopanoyo muone kuti ikutsegukadi. Kenako ikani pulagini yotchedwa Redirection, ndi yaulere, ndipo ikalowa mudzaipeza pa `Tools` kenako `Redirection`. Muli mabokosi awiri. Mu `Source URL` mumaika keyala yakale, mu `Target URL` yatsopano. Inu mufunika zolozera ziwiri, chifukwa tsopano muli ndi makeyala akale awiri, yaitali ija ndi ya masiku ochepayi, imene mwina ena mwawatumizira kale:

```
Source URL: /mitengo-yatsopano-ya-mbewu-ya-mtedza-ya-cg-9-kwa-kamwendo-chaka-cha-2023/
Target URL: /mbewu-ya-mtedza/

Source URL: /mtedza-2025/
Target URL: /mbewu-ya-mtedza/
```

Keyala yaitaliyo musailembe pamanja, ngakhale mukuikumbukira. Ikopereni kuchokera mu uthenga wa WhatsApp umene munatumiza, kapena jambulani khodi ya QR ija ndi foni mutenge zimene zatuluka. Chilembo chimodzi chikasiyana, cholozeracho chidzakhala chikudikira alendo pa njira imene palibe amadutsa.

Onaninso kuti zonse ziwiri zikuloza molunjika ku keyala yomaliza. Kulakwitsa kofala ndi kulumikiza ngati unyolo: yakalekale iloze ku `/mtedza-2025/`, imeneyo iloze ku `/mbewu-ya-mtedza/`. Zimagwira ntchito ndithu, ndipo makina a Google amatsatira mpaka kudumpha ka 10. Koma kudumpha kulikonse ndi ulendo wina wopita ku seva ndi kubwerako. Pa kompyuta ya mu ofesi simungauone. Mlimi wa kwa Mkanda amene netiweki ikumuthawathawa, bandulo ili pafupi kutha, amauona bwino lomwe, ndipo amatseka tsamba lisanatseguke. Komanso unyolo umaduka pamene mphete imodzi yachoka. Wina akadzafufuta cholozera chapakati poganiza kuti n'chosafunika, zonse za m'mbuyo mwake zafa.

Kudumpha kwina kumabisala m'tinthu tating'ono. Ngati makeyala a webusayiti yanu amathera ndi `/`, ya mu `Target URL` nayo ithere ndi `/`, apo ayi WordPress idzawonjezera kudumpha kwina kongoikapo kachizindikiro kameneko. Chimodzimodzi mukalemba keyala yonse n'kuyamba ndi `http://` pamene webusayiti yanu ili pa `https://`.

Ngati simufuna kuwonjezera pulagini ndipo seva yanu ndi ya Apache kapena LiteSpeed, zomwezi zimatheka mu fayilo yotchedwa `.htaccess`:

```
RedirectMatch 301 ^/mtedza-2025/?$ https://example.com/mbewu-ya-mtedza/
```

M'malo mwa `example.com` muike dzina la webusayiti yanu, ndipo mzerewu ukhale pamwamba pa pamene palembedwa `# BEGIN WordPress`, chifukwa zonse za pansi pake mpaka pa `# END WordPress` WordPress imazilembanso yokha n'kufufuta zanu. Ndagwiritsa ntchito `RedirectMatch` ndi ka `$` kumapetoko dala. Lamulo linzake lotchedwa `Redirect` limagwira keyala iliyonse ya pansi pa imene mwalembayo, ndipo limatha kukokera limodzi masamba amene simunafune. Koma ndikuuzeni zoona, Mayi, ngati simunatsegulepo fayilo imeneyi, pitani ndi pulagini. Kulakwitsa chilembo chimodzi mu `.htaccess` kumagwetsa webusayiti yonse ndi uthenga wa 500, ndipo pa seva ya Nginx fayiloyi siyiwerengedwa n'komwe.

Mukamaliza, yesani, koma osati pa bulawuza imene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Bulawuza ikamva 301 kamodzi imaisunga m'mutu, ndipo ulendo wotsatira siyifunsanso seva. Ndiye mukhoza kukonza cholakwika koma inu n'kumaonabe zakale, kapena kuphwanya kanthu koma kwa inu n'kumaoneka kuti zili bwino. Tsegulani zenera la `Incognito`, kapena bwerekani foni ya mnzanu amene sanatsegulepo tsambalo. Ngati muli ndi laputopu, njira yosanama ndi kulemba lamulo ili mu `Command Prompt`:

```
curl -IL https://example.com/mtedza-2025/
```

Pa mizere imene ituluke, yang'anani itatu yokha:

```
HTTP/1.1 301 Moved Permanently
Location: https://example.com/mbewu-ya-mtedza/
HTTP/1.1 200 OK
```

301 imodzi, keyala yolondola, kenako 200. Mukaona 301 kawiri, pali unyolo. Mukaona 302, mwasankha mtundu wolakwika mu pulagini. Mukaona 404 koyambirira, keyala ya mu `Source URL` siyikufanana ndi imene anthu ali nayo. Ndipo bulawuza ikalemba `ERR_TOO_MANY_REDIRECTS`, ndiye kuti makeyala awiri akulozerana okhaokha. Izi zimachitika kawirikawiri munthu akasintha maganizo n'kubwezera tsamba ku dzina lake lakale, koma n'kuiwala kuzimitsa cholozera chochokera ku dzina lomwelo.

Ntchito siyinathe pamenepo. Cholozera ndi cha malinki amene simungawafikire: a m'mafoni a anthu, a pa mapepala, a pa Facebook, a pa webusayiti ya bungwe lina limene linakutchulani. Amene ali m'manja mwanu akonzeni okha. Pitani m'nkhani zanu zonse zimene zinatchula tsamba la mbewu, muike keyala yatsopano. Onaninso menyu. Ngati munaika tsambalo posankha pa mndandanda wa masamba, menyu imadzikonza yokha, koma ngati munaika kudzera pa `Custom Links`, ikadali ndi yakale. Musaiwale linki ya pa mbiri ya akaunti yanu ya WhatsApp ya bizinesi ndi ya pa tsamba lanu la Facebook. Ngati webusayiti munailembetsa ku Google Search Console, ikani keyala yatsopano mu `URL Inspection` ndi kudina `Request indexing`. Kwa masiku angapo, mwina masabata, Google ikhoza kumaonetsabe yakale ndipo malo anu pa zotsatira akhoza kugwedezeka. Musachite mantha n'kubwezera. Mudzaonanso keyala yakale italembedwa kuti `Page with redirect`. Limeneli si vuto, ndi umboni woti Google yamva.

Cholozerachi chikhale mpaka liti? Google imati chisachepere chaka chimodzi. Ine ndimati kwa inu chikhale mpaka kalekale. Google imaiwala keyala yakale, koma pepala lokhomedwa pa khoma la golosale siliiwala, ndipo uthenga wa WhatsApp umatha kutumizidwanso patapita zaka ziwiri ndi munthu amene waukumbukira nthawi yodzala. Khodi ya QR yosindikizidwa kale simungaisinthe. Choncho mukadzasamutsa webusayiti kupita ku kampani ina yosunga mawebusayiti, kapena wina akadzabwera kuti aikonze mwatsopano, mndandanda wa zolozerazi usamuke nawo. Pulagini ija ili ndi `Import/Export`, tulutsani fayilo muisunge pambali.

Pali njira yachidule imene ndikufuna ndikuletseni, chifukwa inenso ndinagwamo. Zaka zapitazo ndinakonzera webusayiti malo ena ogona alendo ku Kasungu. Ndinasintha makeyala onse tsiku limodzi, ndipo poona kuchuluka kwa akale, ulesi unandigwira, ndinangowalozera onse ku tsamba loyamba. Ma 404 anatha, ine n'kumadziyamikira. Koma munthu amene wadina linki ya mitengo ya zipinda ankafikira pa chithunzi cha geti, ayambenso kufufuza yekha. Google nayo siyipusitsika. Makeyala ambiri akalozera ku tsamba losagwirizana ndi zimene zinalipo, imatha kuwatenga ngati masamba osowa, imene imati `Soft 404`, ndipo mbiri ija siyisamuka. Ndinabwerera n'kukhala pansi ndi pepala, keyala iliyonse yakale ndi mnzake woyenera. Tsamba limene linalibe mnzake ndinalisiya kuti lizinena 404, chifukwa chimenecho ndicho chinali choona.

Tibwerere kwa mnzanu uja. Sananame kwenikweni, koma anakuza nkhani. Mawu a mu linki Google imawaona, ndipo imalangiza kuti akhale mawu omveka osati manambala ngati `?p=123`. Koma a ku Google eni ake ananenapo kuti mawuwa amalemera pang'ono kwambiri posankha tsamba lobwera pamwamba. Kutalika kwa linki pakokha sikugwetsa tsamba. Ndipo kuyambira mu Januwale 2025, pa zotsatira za pafoni Google imaonetsa dzina la webusayiti lokha, kamchira kaja sikaonekanso, pamene owerenga anu pafupifupi onse ali pafoni. Phindu lenileni la silagi yaifupi lili kwa anthu: imakwana mu meseji, imatchulika pakamwa, imapanga khodi ya QR ya timabokosi tochepa imene kamera ya foni yotsika mtengo imawerenga msanga, ndipo wolandira pa WhatsApp amadziwa chimene akudina.

Ndiye muyeze phindu laling'onolo ndi chimene mungataye. Tsamba limene likubwera kale bwino pa Google, anthu akulitumizirana, lisiyeni ndi linki yake yoipayo. Ine ndimasintha silagi yakale pokhapokha ikunama kapena ikuchititsa manyazi: muli chaka chimene chinapita pa tsamba lokonzedwa chaka ndi chaka, muli mtengo wakale, muli dzina la katundu amene munasiya kugulitsa, kapena muli liwu lolembedwa molakwika moti likusokoneza. Yanu ya mbewu ija inali m'gulu limeneli, kotero kuisintha sikunali kulakwa, chinasowa ndi cholozera basi. Musanakhudze ina iliyonse, tsegulani `Performance` mu Search Console, mudine `Pages`, muone kuti ndi masamba ati amene akubweretsa anthu. Amene ali pamwambawo ndiwo oyenera kuwaopa kwambiri. Ndipo zosinthazi muzichita nyengo imene malonda a tsambalo agona. Tsamba la mbewu musaligwedeze mu Okutobala ndi Novembala anthu akuthamangira kudzala.

Chimene chimapulumutsa anthu ambiri ku chiyeso chosinthasintha n'kudziwa kuti mutu wa tsamba ndi silagi n'zosiyana. WordPress imapanga silagi kuchokera ku mutu nthawi yoyamba yokha, n'chifukwa chake yanu inatalika chonchija, inangokopera mutu wonse. Tsamba likatuluka, mukhoza kusintha mutu kangapo konse silagi osasuntha. Mutu ukhale wa mitengo ya mbewu ya mtedza ya 2025 kwa Kamwendo, chaka chotsatira musinthe chakacho ndi manambala a m'kati, koma keyala ikhale `/mbewu-ya-mtedza/` yomweyo. Mapepala anu akale adzakhala akutsegula mitengo yatsopano. Pa nkhani iliyonse yatsopano, khalani ndi chizolowezi choyang'ana bokosi la silagi kumanja kwa polembera musanadine `Publish`, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene kusintha kuli kwaulere. Mukaona WordPress yawonjezera `-2` kumapeto, ndiye kuti dzinalo lili kale ndi mwini, mwina tsamba lina, mwinanso chithunzi chimene munakweza ndi dzina lomwelo. Fufuzani mwiniyo kaye musanavomereze `-2`.

Misampha ina iwiri ili pafupi ndi pamene mwapondapa. Ngati tsamba lili ndi ana pansi pake, monga `/mbewu/soya/` ndi `/mbewu/nyemba/`, kusintha silagi ya kholo `mbewu` kumasintha makeyala a ana onse nthawi imodzi, ndipo aliyense amafunika cholozera chake. Woopsa koposa uli pa `Settings` kenako `Permalinks`. Ngati nkhani zanu zili ndi madeti m'makeyala, monga `/2023/10/`, wina adzakuuzani kuti mungosankha `Post name` kuti zifupike. Kudina kumodzi kumeneko kumasintha keyala ya nkhani iliyonse pa webusayiti yonse. Pa webusayiti yongoyamba kumene `Post name` ndiyo yabwino. Pa yanu, imene yakhalapo kale, zimafuna lamulo lolozera lokonzedweratu ndi kuyesedwa, ndipo ndi ntchito ya tsiku lakelake.

Mukaika pulagini ija, lowani mu `Options` muyatse `URL Monitor` pa masamba ndi pa nkhani, kuti tsiku lina inu kapena mnzanu wa mu ofesi akadzasintha silagi mosaganiza, cholozera chidzadzipange chokha. Patatha sabata, tsegulani gawo la `404s` mu pulagini yomweyo. Mudzapezamo zinyalala zambiri za makina ofufuza mafayilo amene kulibe, zimenezo zisiyeni. Yang'anani makeyala ofanana ndi anu. Mukapeza yaitali ija itaduka pakati kapena ili ndi kadontho kumapeto, ndiye kuti pali uthenga umene ukuzungulira m'magulu uli ndi linki yolumala, ndipo imeneyonso muipatse cholozera chake chopita ku `/mbewu-ya-mtedza/`.